Mmene ndinapemphera masiku 5 okachita kosi, abwana n'kuvomera ulendo wachiwiri

Ndine kalaliki wa kumalo osungira katundu pa kampani ina yogulitsa zipangizo. Kumapeto kwa mwezi uliwonse timawerenga katundu yense amene ali m'mashelefu, kenako ine ndi mnzanga timakhala pansi kufananitsa zimene tawerengazo ndi zimene zili m'kompyuta. Mitundu ya katundu imaposa 2,000, ndipo kwa zaka zambiri tinkachita zimenezi mzere ndi mzere, wina akuwerenga mokweza, wina akuchonga. Maso ankachita kuwawa. Ndiye nditaona chilengezo cha kosi ya masiku 5 yophunzitsa kugwiritsa ntchito Excel pa nkhani za katundu ndi malipoti, mtima wanga unagunda. Ndinadziwa kuti ndi zimene ndinkasowa.

Pempho langa loyamba linali la mizere inayi. Ndinalemba kuti ndikupempha chilolezo chokachita kosi kuti ndiwonjezere luso langa komanso kuti ndipite patsogolo pa ntchito yanga, ndipo ndinamata chilengezocho kumbuyo. Kunali kutatsala masabata awiri kuti kosi iyambe, ndipo masiku ake ankagwera sabata yomaliza ya mwezi. Abwana anga anawerenga ali chiimire, n'kundibwezera pepalalo akunena kuti, "Osati panopa, tidzaona m'tsogolomu." Ndinatuluka nkhope itagwa. Kwa masiku angapo ndinkangodziuza kuti anthu awa safuna kuti munthu akwere, ndipo ndinafika poyamba kuyang'ana ntchito kwina.

Amene ananditsegula m'maso ndi mayi wina wachikulire wa ku ofesi ya zachuma, amene mapempho otere amadutsa m'manja mwawo. Nditawadandaulira, anandipempha kuti ndiwaonetse kalatayo. Atawerenga anati, "Mwana wanga, kalata iyi ikunena zimene iweyo upindule. Nanga abwana akowo, akafunsidwa ndi akuluakulu kuti achotseranji ndalama komanso munthu pa sabata yowerenga katundu, ayankha kuti chiyani? Sunawapatse yankho." Anandifotokozera kuti abwana anga si amene amamaliza nkhaniyo. Iwo akasaina, pepala limapita kwa oona za antchito, kenako kwa a zachuma, ndipo aliyense mwa atatuwa ali ndi funso lake. Abwana amafuna kudziwa amene agwire ntchito yako iwe kulibe. Oona za antchito amafuna kudziwa kuti masikuwo alembedwa ngati chiyani. A zachuma amafuna kudziwa ndalama zonse pamodzi, komanso thumba limene zichokere. Kalata yanga sinayankhe ngakhale limodzi la mafunso amenewa, ndipo mawu oti "kupita patsogolo" akanatha kumveka ngati ndikukonzekera kuchoka.

Kosi yomweyo inali kudzachitikanso patapita miyezi inayi, ulendo uno sabata yachiwiri ya mwezi. Ndinaganiza zoyambiranso, koma osayamba ndi kalata. Ndinayamba ndi kufunsa buku la malamulo a antchito. Ambirife timangolisainira tsiku loyamba ntchito osalitsegulanso, koma m'menemo ndinapeza kuti kampani yathu imasiyanitsa njira zitatu. Ngati maphunziro akukhudza ntchito imene munthu akugwira panopa ndipo abwana avomereza, masikuwo amawerengedwa ngati ali pantchito, malipiro osadulidwa. Ngati ndi maphunziro a iye mwini, atha kutenga pa masiku ake a tchuthi cha pachaka. Njira yachitatu ndi tchuthi chosalipidwa. Ndinapezanso kuti pempho liyenera kufika kutatsala masiku 30 kapena kuposerapo. Choncho kalata yanga yoyamba ija inali itagwa kale pa lamulo limeneli abwana asanaiwerenge n'komwe. Makampani amasiyana pa zimenezi, ena alibe lamulo lolembedwa, ndiye funsani oona za antchito musanalembe kalikonse. Funsaninso ngati pali bajeti ya maphunziro komanso mwezi umene chaka chawo cha zachuma chimayamba, chifukwa thumba limeneli limakhala lodzaza kumayambiriro ndipo nthawi zambiri limauma chaka chisanathe.

Kenako ndinadzifunsa kuti kodi chimene chimawasowetsa tulo abwana anga n'chiyani. Yankho ndinali nalo kale, kungoti sindinaligwirizanitse ndi kosi. Lipoti la katundu limayenera kufika ku ofesi ya zachuma pofika pa 5 mwezi uliwonse, kuti iwo atseke mabuku awo. Ifeyo tinkalipereka pa 7 kapena pa 8. Pa msonkhano uliwonse wa mabwana, abwana anga ankafunsidwa za kuchedwa kumeneku pamaso pa anzawo, ndipo akabwerako ankakhala osayankhulika. Limeneli ndiye linali khomo langa. Kwa miyezi iwiri yotsatira ndinkalemba m'kabuku nthawi imene tayamba ndi kumaliza kufananitsa katundu. Miyezi yonse iwiri zinatitengera masiku 3 athunthu, anthu awiri, kutanthauza maola 48 pamwezi.

Ndinalemberanso ophunzitsawo kuwapempha ndondomeko ya zimene amaphunzitsa tsiku lililonse, osati chilengezo chokongola chija. Ndinawafotokozera vuto lathu n'kuwafunsa ngati kosi yawo ilikhudza. Anayankha kuti tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi la kulumikiza mindandanda iwiri kuti kompyuta izisonyeza yokha pamene pali kusiyana, ndipo tsiku lachinayi ndi la kupanga malipoti ndi PivotTable, chida cha mu Excel chosonkhanitsira manambala ambiri mwachidule. Ndinawafunsanso zinthu zitatu zimene mayi aja anandiuza kuti a zachuma adzafunsa: ngati amapereka invoisi m'dzina la kampani ndalama zisanalipiridwe, chimene chimachitika munthu akalephera kubwera, ndiponso ngati kampani ingatumize munthu wina m'malo mwake. Anati ndalama sabweza kukatsala sabata imodzi, koma kusintha dzina amalola. Yankho limenelo linandithandiza, chifukwa abwana amaopa kulipira kenako n'kupezeka kuti munthu wadwala ndalama zapita.

Gawo limene linandivuta kwambiri linali la masamu a ndalama. Ndinkafuna kulemba fizi yokha kuti chiwerengero chioneke chochepa, koma mayi aja anakana. Anati bwana amene wavomereza fizi, kenako n'kuona pempho lina la ulendo, kenako lina la malo ogona, amamva kuti wapusitsidwa, ndipo sadzakukhulupiriranso. Ndiye ndinaika zonse. Fizi inali pafupifupi yofanana ndi malipiro anga a mwezi umodzi. Ulendo, malo ogona ndi chakudya zinali ngati theka la malipirowo. Anandiuzanso kuti ndilembe mtengo wonse wa fizi, osati wotsitsidwa wa olembetsa msanga, chifukwa sindikudziwa kuti kampani ilipira liti.

Kuti ndisonyeze nthawi imene ndalamazo zidzabwerere, ndinasandutsa zonse kukhala maola. Mwezi umodzi wa ntchito ndi masiku pafupifupi 22 a maola 8, kutanthauza maola 176. Ndalama zokwana malipiro a mwezi umodzi ndi theka ndi maola 264. Kuwonjezerapo maola 40 a sabata imene ndidzakhale kulibe, zonse pamodzi ndi maola 304. Ine ndinkalonjeza kuti ntchito ya masiku 3 idzatsika kufika pa tsiku limodzi ndi theka, ndiye kuti tidzapulumutsa maola 24 pamwezi. Kugawa 304 ndi 24 kunandipatsa miyezi pafupifupi 13. Nditaona chiwerengero chimenechi ndinakhumudwa, chifukwa ndinkayembekezera miyezi itatu kapena inayi. Ndinaganiza zonena kuti ntchitoyo idzatsika kufika pa maola awiri okha, monga mmene ophunzitsa ankanenera m'chilengezo chawo. Koma ndinadziwa kuti kompyuta ikasonyeza kuti katundu wina wasiyana, munthu amayenerabe kupita ku shelefu kukawerenganso ndi kufufuza mapepala, ndipo gawo limenelo palibe kosi imene ingalichotse. Ndinasiya 13 yemweyo.

Mayi aja anandichenjezanso chinthu china chimene sindikanachiganizira ndekha. Maola opulumutsidwa si ndalama zimene kampani iziona m'thumba, chifukwa malipiro athu amalipiridwabe chimodzimodzi kaya tagwira masiku 3 kapena limodzi. Wa zachuma aliyense amadziwa zimenezi. Choncho uyenera kunena chimene maolawo adzagwire, kapena ndalama yeniyeni imene idzaleke kutuluka. Kwa ife zinalipo ziwiri. Kumapeto kwa mwezi tinkagwira ovataimu, ndipo imeneyo ndi ndalama yooneka m'mabuku. Komanso masiku amene tonse awiri tatsekeredwa mu ofesi, magalimoto obweretsa katundu ankadikira nthawi yaitali kuti wina atuluke akalandire. Zimenezi ndinazilemba.

Ndisanapite kwa abwana ndinayamba ndakambirana ndi mnzanga uja, chifukwa katundu yense wa sabata imeneyo akanagwera iyeyo. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, ndikufuna kupempha sabata imodzi, koma sindingalembe dzina lanu musanavomere." Poyamba sanasangalale, ndipo ndinamumvetsa, pakuti nayenso akanakonda kupita. Tinagwirizana kuti iye adzalandira ndi kutulutsa katundu, ine ndidzamaliza maoda onse odikira Lachisanu ndisananyamuke, ndipo ndikabwerako ndidzamuphunzitsa zonse komanso ndidzagwira ntchito yake iye akadzatenga tchuthi. Panali vuto limodzi: mapepala otulutsira katundu wodula amafuna siginecha yanga, ndipo iye alibe mphamvu imeneyo. Ndinaika m'pempho kuti abwana asankhe munthu wosaina sabata imeneyo. Kanthu kameneka kamaoneka kakang'ono, koma kakaiwalika, Lachiwiri m'mawa foni yako imayamba kulira uli m'kalasi.

Kalatayo inakwana tsamba limodzi. Mutu wake sunali "Pempho lokachita maphunziro" ngati poyamba paja, koma "Kufulumizitsa lipoti la katundu la mwezi ndi mwezi: pempho la kosi ya masiku 5". Ndime yoyamba inati:

"Bwana, lipoti lathu la katundu limayenera kufika ku ofesi ya zachuma pofika pa 5, koma lakhala likufika pa 7 kapena pa 8. Miyezi iwiri yapitayi ndayeza nthawi ndipo ndapeza kuti kufananitsa katundu kumatitengera anthu awiri masiku 3, chifukwa timachita pamanja. Ndikupempha chilolezo chokachita kosi ya masiku 5 imene imaphunzitsa kuchita ntchito imeneyi ndi Excel amene tili naye kale. Cholinga changa ndi kutsitsa ntchitoyi kufika pa tsiku limodzi ndi theka, kuti lipoti lizifika pa nthawi yake ndiponso ovataimu ya kumapeto kwa mwezi ichepe."

Ndime yachiwiri inali ya masiku ndi amene adzagwire ntchito yanga, ndipo ndinanena kuti foni ndidzayankha nthawi yopuma masana ndi madzulo. Yachitatu inali ya ndalama, ndipo ndinapereka njira ziwiri. Yoyamba, kampani ilipire zonse, ndalama zidzabwerera m'miyezi pafupifupi 13. Yachiwiri, kampani ilipire fizi yokha n'kuwerenga masikuwo ngati ndili pantchito, ine ndidzionere ndekha ulendo ndi pogona, ndipo pamenepo ndi maola 176 kuwonjezera 40, kugawa ndi 24, miyezi 9. Mumtima ndinali ndi njira yachitatu, yoti ndilipire ndekha fizi iwo angondipatsa masiku, koma sindinailembe. Mukalemba njira yotsika mtengo kwambiri kwa kampani, imeneyo ndi imene isankhidwe, ndiye musaike papepala chimene thumba lanu silingakwanitse. Ndime yomaliza inali ya zimene ndidzachite ndikabwerako: lipoti la tsamba limodzi sabata isanathe, kuphunzitsa anzanga awiri, ndi kuyamba njira yatsopano pa kuwerenga katundu kotsatira.

Ulendo uno sindinawapatse abwana kalata ali chiimire. Ndinapempha mphindi 10 tsiku limene kunalibe piringupiringu, kutatsala masabata 7 kuti kosi iyambe. Manja ankanjenjemera. Anawerenga mpaka kumapeto, n'kubwereranso pa ndime yoyamba. Kenako anandifunsa funso limene ndinkaliopa: "Nanga zinthu zimenezi sungaphunzire pa intaneti kwaulere?" Ndinayankha zoona zokhazokha, kuti ndinayesapo madzulo kunyumba ndipo zina ndinazimva, koma ndikafika pa mafayilo athu enieni zimakana ndipo palibe wondiuza chifukwa chake, pamene ku kosi amalola munthu kubwera ndi fayilo yake. Anafunsanso kuti, "Ukaphunzira n'kutithawa?" Ndinati ndine wokonzeka kusaina mgwirizano ngati kampani ili nawo. Sanavomere pomwepo. Anati akambirana kaye ndi akuluakulu, ndipo anandipempha kuti ndiwatumizire kalatayo pa imelo. Ndinazindikira pambuyo pake kuti anangoitumiza kwa akuluakuluwo mmene inalili, osasintha liwu. Ndiye polemba, lembani podziwa kuti adzawerenganso munthu amene sakukudziwani.

Panadutsa masabata awiri popanda yankho. Kudikira kumeneku kunali kowawa, chifukwa tsiku lomaliza la mtengo wotsitsidwa linali kuyandikira. Ndinakumbutsa kamodzi, mwaulemu, potchula tsikulo. Yankho litabwera, anasankha njira yachiwiri. Ndinasangalala, ngakhale ndinadziwa kuti mwezi umenewo kunyumba kudzakhala kothina.

Chisangalalocho chinachepa nditaitanidwa kwa oona za antchito kukasaina bondi. Walira mvula walira matope. Pepalalo linkati ndikachoka pa kampani miyezi 12 isanathe, ndidzabweza ndalama zonse zimene kampani yawononga pa maphunzirowo. Ndinapempha kuti ndipite nalo kunyumba ndikaliwerenge bwinobwino, ndipo ndikulangiza aliyense kuchita chimodzimodzi, ngakhale cholembera chili kale m'manja. Ndinaonamo zinthu zitatu zosamveka bwino. Mawu oti "ndalama zonse" akanatha kuphatikiza malipiro anga a sabata ija. Mawu oti "ndikachoka" sankasiyanitsa kusiya ndekha ndi kuchotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito. Komanso munthu wochoka mwezi wa 11 akanabweza zofanana ndi wochoka mwezi woyamba. M'mawa mwake ndinapempha kuti alembe chiwerengero chenicheni cha fizi, kuti ngongoleyo izichepa ndi gawo limodzi mwa magawo 12 mwezi uliwonse, ndiponso kuti isagwire ntchito ngati kampani ndi imene yathetsa ntchito yanga popanda mlandu. Ndinkaopa kuti aona ngati ndine wovuta, koma mayi wa mu ofesiyo anangoti, "Zimenezi n'zotheka," ndipo anakonza zonse zitatu. Ndinapemphanso kuti kalata yondivomereza inene poyera kuti masiku 5 aja ndi a pantchito. Mnzanga wina wa ku nthambi ina anavomerezedwa pakamwa pokha, ndipo anadzazindikira kumapeto kwa chaka kuti masikuwo anachotsedwa pa tchuthi chake.

Kulipira kunatenga nthawi kuposa kuvomereza. Ophunzitsawo sanali pa mndandanda wa amene kampani yathu imagulako zinthu, choncho anayenera kutumiza kaye mapepala awo a bizinesi ndi a ku banki kuti alembetsedwe. Invoisi yoyamba inabwera m'dzina langa, ndipo inabwezedwa kuti ilembedwenso m'dzina la kampani. Kuwonjezera apo, ofesi yathu ya zachuma imalipira kawiri kokha pamwezi. Tsiku la mtengo wotsitsidwa linadutsa mapepala akadali pa desiki. Apa m'pamene ndinathokoza mayi aja mumtima, chifukwa chivomerezo changa chinali cha mtengo wonse, ndiye sindinafunike kubwereranso kwa abwana kukapempha zowonjezera. Kuti malo anga asaperekedwe kwa wina, ndinapempha a zachuma kalata yotsimikizira kuti kampani ilipira, ndipo ophunzitsawo anavomera kundisungira malo ndi kalata imeneyo. Ndalama zinalowa kutatsala masiku ochepa kuti kosi iyambe.

Ndinapempha chilolezo chotenga laputopu ya kuntchito komanso kope la fayilo yathu ya mwezi wathawo, titachotsamo mitengo ndi mayina a makasitomala. Musatenge mafayilo a kampani popanda chilolezo cholembedwa, ngakhale cholinga chili chabwino. Fayilo imeneyi ndi imene inandipulumutsa. Tsiku lachiwiri mphunzitsi anayamba kuphunzitsa `XLOOKUP`, fomula ya mu Excel yofufuzira chinthu pa mndandanda wina, ndipo pa makompyuta a anzanga onse zinkayenda, koma pa laputopu yanga pankangotuluka `#NAME?`, kusonyeza kuti Excel sakuidziwa fomulayo. Thukuta linandituluka. Mphunzitsi atabwera anapeza kuti ife tili ndi Excel 2016, pamene `XLOOKUP` imapezeka kuyambira mu Excel 2021 komanso mu Microsoft 365, ndipo mulibe mu 2016 kapena 2019. Ndinaganiza za kalata yanga ija, mmene ndinalemba kuti tidzagwiritsa ntchito Excel amene tili naye kale. Ndikanagwiritsa ntchito kompyuta ya pamalo ophunzirirapo, ndikanabwerera ndi luso losagwira pa makompyuta athu, ndipo ndikanayamba kupempha ndalama zina zogulira pulogalamu yatsopano. Mphunzitsiyo anatsala nane nthawi yopuma n'kundionetsa kuchita zomwezo ndi mafomula a `INDEX` ndi `MATCH`, komanso Merge Queries ya mu Power Query, chida chokonzera ndi kulumikizira mindandanda chimene mu Excel 2016 chilimo kale pansi pa Data. Ngati kosi yanu ikukhudza pulogalamu kapena makina, funsani ophunzitsa mtundu umene amagwiritsa ntchito, muufananize ndi wa kuntchito kwanu musanalembe pempho. Ndi funso la mzere umodzi.

Ndinagona kwa wachibale kuti ndichepetse ndalama, komabe ulendo ndi chakudya zinandidyera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro anga. Foni ya kuntchito inalira kangapo, koma nthawi zonse pa nthawi imene tinagwirizana.

Nditabwerako ndinapeza ntchito itaunjikana, ndipo zinali zosavuta kuiwala malonjezo aja. Ndinalemba lipoti la tsamba limodzi Lachinayi la sabata yomweyo, osati kufotokoza zonse zimene tinaphunzira, koma zinthu zitatu zimene tisinthe ndi tsiku loyambira. Ndinaphunzitsa anzanga awiri kwa ola limodzi masana awiri otsatizana. Kenako mwezi unatha, ndipo apa m'pamene zinavuta. Sitikanakhulupirira njira yatsopano tisanaiyese, choncho tinachita zonse ziwiri, yakale ndi yatsopano, kuti tione ngati zikutulutsa zofanana. Sizinafanane. Kompyuta inkasonyeza katundu wambirimbiri ngati kulibe, pamene m'shelefu alimo. Ntchito ya masiku 3 inatenga masiku 4, ndipo lipoti linachedwa kuposa kale. Abwana anandiitana n'kundifunsa modekha kuti, "Ndiye kosi ija ndi imeneyi?" Usiku umenewo sindinagone.

Chifukwa chake ndinachipeza patapita masiku awiri. Manambala a katundu sankalembedwa mofanana. Pa mndandanda wina panali kampata kosaoneka kumapeto kwa nambala, pena zilembo zazikulu pena zazing'ono, ndipo manambala ena oyamba ndi 0 anali atataya 0 wawoyo chifukwa Excel anawatenga ngati manambala owerengera. Diso la munthu limadutsa pa zimenezi osaona vuto, koma Power Query imaona ngati ndi zinthu zosiyana. Chizindikiro chake n'chakuti katundu yemweyo amaoneka kawiri, kwina ngati wasowa, kwina ngati wangotulukira. Ndinakonza pouza Power Query kuti manambala onse iziwatenga ngati Text, kenako izichotsa timipata ndi Trim n'kusandutsa zilembo zonse kukhala zazikulu ndi UPPERCASE isanalumikize, ndipo amene anataya 0 tinawakonza pamanja kamodzi kokha. Ndinapita kwa abwana ndi mapepala awiri kuwaonetsa chimene chinachitika, n'kuwapempha miyezi ina iwiri. Chimene ndikanakonda kudziwa poyamba n'chakuti mwezi woyamba wa njira iliyonse yatsopano umakhala wolemera kuposa yakale. Ndikanalemba m'kalata ija kuti phindu lidzayamba kuoneka mwezi wachitatu, funso lija silikanabwera, ndipo masamu anga a miyezi 9 akanakhala oona kwambiri ndikanawonjezerapo miyezi iwiri.

Mwezi wachiwiri tinamaliza m'masiku awiri, lipoti linafika pa 6. Mwezi wachitatu tinamaliza pa tsiku limodzi ndi theka, ndipo linafika pa 4. Ndinapitiriza kulemba maola m'kabuku kaja, ndipo patatha miyezi itatu ndinatumiza imelo yaifupi kwa abwana yosonyeza maola a kale, maola a tsopano ndi masiku amene lipoti linafika. Palibe amene anandipempha imelo imeneyo, koma ndi imene abwana anapita nayo ku msonkhano wa mabwana.

Wina angafunse ngati njira imeneyi ingagwire pa msonkhano waukulu wa akatswiri, kumene munthu sakaphunzira luso limodzi looneka. Mnzanga uja anapempha kupita ku msonkhano wotero wa masiku awiri chaka chotsatira, ndipo tinalemba limodzi. Kumeneko masamu a maola sagwira bwino, ndipo kuwakakamiza kumaoneka kuti n'kongopeka. Tinatenga pulogalamu ya msonkhanowo n'kusankha zokambirana zitatu zokhudza vuto limene kampani inali nalo panthawiyo, la kusankha makina owerengera katundu ndi bakhodi. Analemba kuti akamvetsera zitatuzo, akaonana ndi ogulitsa makinawo amene adzakhale akuonetsa katundu wawo, ndipo abwera ndi makoteshoni atatu komanso tsamba limodzi lowayerekezera. Mawu oti akadziwana ndi anthu sitinawaike n'komwe, chifukwa bwana sangawayeze. Analemba kutatsala miyezi iwiri, anatchula ine ngati wogwira ntchito yake, ndipo anasankha mtengo wonse osati wotsitsidwa. Anamuvomereza sabata yomweyo, kampani inalipira zonse, ndipo chifukwa ndalama zake zinali zochepa sanamusainitse bondi.